Mphindi Zitatu Tsache Lisanagunde Pansi: Kakonzedwe ka Mawu Otsegulira Tsiku Losesa

Chaka china m'mwezi wa Novembala, komiti yathu inaitanitsa anthu kuti tidzasese msika wina waung'ono wa m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi. Ikamakwana hafu pasiti sikisi anthu anali atafika ambiri ndithu, amayi ndi matsache, anyamata a kabaza atatsamiritsa njinga pamtengo, asodzi ena atangotsika kumene m'boti. Mlendo wathu wolemekezeka analandira chimkuzamawu n'kuyamba kuthokoza. Anathokoza aliyense ndi udindo wake, anafotokoza mbiri ya ukhondo, analangiza za zimbudzi, anabwereranso kukathokoza amene anawaiwala. Pomwe amamaliza dzuwa linali litakwera, anyamata a kabaza atapita kukasaka makasitomala, amayi a mandasi atabwerera kumabeseni awo. Tinatsala ife a komiti ndi ana a sukulu, ngalande n'kukhala momwe inalili.

Chichokereni tsiku limenelo, amene watsegula tsiku losesa kwathu timampatsa mphindi zitatu, ndipo nthawi zambiri ntchitoyo imagwera ine. Ndikufotokozerani mmene ndimakonzera.

Yambani ndi kudziwa ntchito ya mawu anuwo

Anthu amene aimirira patsogolo panu ndi tsache m'manja safunika kuwakopa kuti ukhondo ndi wabwino. Akopeka kale, n'chifukwa chake adzuka. Amene amafunika ulaliki wa ukhondo ali kunyumba, sakukumvani. Choncho mawu anu ali ndi ntchito imodzi: munthu aliyense adziwe kumene akupita, ndi ndani, mpaka nthawi yanji, ndipo achoke pamalopo ali ndi changu choposa chimene anabwera nacho. Chiganizo chilichonse chimene sichikuthandiza zimenezi, ngakhale chikome bwanji, chisungireni msonkhano wa VDC.

Pitani pamalopo dzulo lake

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, koma ndi pamene pali nyama yonse. Mawu otsegulira salembedwa munthu atakhala pakhonde. Madzulo a tsiku loti mawa ndi ntchito, yendani malo onse amene mukufuna asesedwe, kuyambira poyambira mpaka pothera, ndipo mufunefune chinthu chimodzi chooneka ndi maso chimene aliyense angachiloze. Ikhoza kukhala kalavati yotsekeka, mulu wa zinyalala umene mbuzi zimagonapo kuseri kwa mabenchi a nsomba, kapena majumbo amene mwera wawaunjika pamchenga pomwe amayi amatsukira mbale.

Ine ulendo wina ndinatenga nsungwi yaitali ngati msinkhu wanga n'kuilowetsa m'ngalande pakamwa pa kalavati. Inalowa mpaka kupitirira theka, pansi osapagunda, ndipo potuluka inali yakuda bii, thewera la mwana litakolekera kunsonga. Nsungwi imeneyo sindinaitsuke. Ndinaisunga kuseri kwa golosale ya mnzanga mpaka m'mawa, ndipo inayankhula kuposa ine.

Poyenda pomwepo muonenso malire. Musanene kuti tisesa msika wonse ndi doko lonse ngati mukuyembekeza anthu 60 ndi mawilibala atatu. Sankhani chigawo chimene chingathe m'maola awiri, ndipo malire ake akhale zinthu zimene anthu amazidziwa: mlambe, mjigo, chigayo, mzikiti, tchalitchi. Munthu amagwira mwamphamvu akamaona pothera. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, ikangodutsa 9 koloko m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala fosholo imalemera kawiri.

Funsaninso kumene zinyalalazo zikupita. Ngati kuli dzenje, lakumbidwa? Ngati mwalonjezedwa galimoto kapena ngolo, ibwera nthawi yanji? Musadzalonjeze pagulu chinthu chimene simunachione. Palibe chimene chimapha tsiku losesa lotsatira kuposa milu yosesedwa bwinobwino imene yakhala sabata yathunthu mpaka mphepo n'kuibwezera momwe inachokera.

Konzani za ulemu musanafike pabwalo

Chimene chimadya nthawi kwambiri ndi malonje. Kwathu kuno sungangoyamba kuyankhula mafumu ali pompo osawapatsa ulemu, ndipo ine sindingakulangizeni kutero. Koma ulemu ukhoza kukwana m'mpweya umodzi. Tchulani maudindo, osati mayina, kuyambira wamkulu: a Gulupu ndi mafumu onse, a Khansala, a Shehe ndi Abusa, alangizi a zaumoyo, kenako anthu onse. Mukangoyamba mayina mwadziputira, chifukwa mudzaiwala mmodzi ndipo ameneyo ndi amene adzakumbukire. Kuno ku Mangochi, kumene Asilamu ndi Akhristu timagulitsa pabenchi imodzi, musatchule mbali imodzi n'kusiya inzake. Ngati pakhala pemphero, gwirizanani kale amene atsegule ndi amene adzatseke, ndipo pempherolo lisawerengedwe m'mphindi zanu zitatu.

Chinsinsi chenicheni chili kunyumba kwa amfumu. Pitani dzulo lake, mukhale pansi, muwafotokozere kuti: “A Gulupu, mawa anthu tikufuna tiwagwiritse ntchito dzuwa lisanakwere. Tikupempha kuti inuyo mukatiyambitsire ndi tsache, ndipo mawu anu tikawamve pomaliza, anthu akamapumula pamthunzi.” Mwa mafumu amene ndawapemphapo motere, palibe amene anakana. Mfumu imene yagwira tsache loyamba anthu akuona yalemekezeka kuposa imene yayankhula anthu akuyang'ana dzuwa. A Khansala nawonso apempheni chimodzimodzi. Zolankhula zitalizitali zili ndi malo ake, ndi pamapeto, manja atasambidwa.

Gawani mphindi zitatuzo

Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo panja munthu umayankhula pang'onopang'ono kuti akumbuyo amve. Ine ndapeza kuti mphindi zitatu zimanyamula mawu apakati pa 220 ndi 260 basi, ukawerengera kupuma, kuloza ndi kudikira anthu kuti ayankhe. Limenelo ndi tsamba limodzi la kope, osadzaza n'komwe. Mukalemba masamba awiri, dziwani kuti mwalemba mphindi zisanu ndi imodzi.

Masekondi 20 oyamba ndi a ulemu ndi moni. Moniwo ukhale funso lofuna yankho, ndipo ngati ayankha mofooka, funsaninso. Si nthabwala chabe. Anthu amene atsegula pakamwa limodzi kamodzi amasiya kucheza paokha n'kutembenukira kwa inu. Ngati pagulupo pali ambiri oyankhula Chiyao ndipo inu mumachitha, perekani moni m'zinenero zonse ziwiri. Ngati simuchitha, musayesere tsiku limenelo, pemphani mnzanu abwereze malangizo a magulu m'Chiyao mukamaliza.

Masekondi pafupifupi 50 otsatira ndi a chinthu chija munachiona dzulo, ndi chimene chidzachitike chikasiyidwa. Tsatirani madzi ndi mawu anu, kuchokera pamene atsekeka mpaka pamene akathere, pomwe pali mwana kapena mbale ya munthu. Apa ndi pamene mungatchule kolera, koma kamodzi kokha. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Pagulu lanulo pali wina amene anaika m'bale wake. Safunika manambala. Chiganizo chimodzi chofatsa n'chokwanira, ndipo mukatero pumani pang'ono musanapitirize.

Munene zoona zokhazokha. Kusesa pakokha sikuthetsa kolera, matendawa amayenda m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. N'chifukwa chake ine ndimakamba za matewera ndi za ngalande imene imabweza madzi oipa kumene anthu amadyera, osati za masamba a mango. Mlangizi wa zaumoyo ali pompo akumva, ndipo mukakokomeza adzafuna kukukonzani, mphindi zina khumi n'kupita.

Masekondi 30 ndi a malire ndi nthawi yomalizira. Masekondi 50 ndi a magulu ndi chitetezo. Otsalawo ndi a kuyambitsa.

Musadzudzule

Ndidzipatse malo pang'ono apa, chifukwa cholakwa ichi ndinachichitapo ndekha. Ulendo wanga woyamba ndinanena kuti “anthu a pamsika pano ndinu auve, mumataya paliponse.” Ndinkaganiza kuti ndikuwadzutsa. Mayi wina wogulitsa usipa anaika tsache pansi, n'kundiyankha pagulu kuti: “Achimwene, auvewo ali kunyumba. Ife tabwera.” Anthu anaseka, ine thukuta kamukamu, ndipo mayiyo ankanena zoona. Amene abwera ndi amene sayenera kunyozedwa. Komanso mukaloza gulu limodzi, kaya ogulitsa nsomba, kaya anyamata a tchipisi, kaya asodzi obwera, mwagawa anthu amene mphindi zisanu zikubwerazi mukufuna akankhe wilibala imodzi. Ngati mukufuna kutchula wolakwa, dzitchuleni nokha. Aliyense wa ife jumbo anatayapo.

Ndale nazonso zisiyeni kunyumba, ngakhale chovala cha mtundu wa chipani. Ndipo ngati palibe ndalama kapena fanta, musazembe nkhaniyo ndi mawu oti “tiona pomaliza.” Anthu amamva ngati lonjezo. Nenani chimene chilipo, madzi akumwa ndi sopo, basi.

Magulu aoneke ndi maso

Kunena kuti “gulu loyamba lipite kumpoto” n'kusokoneza anthu. Palibe amene akudziwa kuti ali m'gulu liti. Agaweni ndi chimene agwira m'manja: a mafosholo, makasu ndi mawilibala mbali imodzi, a matsache ndi maleki mbali ina, opanda kanthu alandire matumba. Mtsogoleri wa gulu lililonse akhale atauzidwa kale, aimirire pamalo ooneka, ndipo mukamutchula akweze dzanja kapena chitenje. Magulu asapitirire atatu kapena anayi, chifukwa ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Za chitetezo nenani ziwiri kapena zitatu zimene zingavulaze munthu lero lomwe: magalasi osweka, majakisoni, matewera. Magolovesi sakwanira aliyense, choncho apatseni anthu ochepa odziwika ndipo enawo aziwaitana. Ana asalowe m'ngalande. Ngati gulu la kudoko likatole m'mphepete mwa madzi, auzeni atsogoleri awo pambali kuti anthu asalowe m'mabango, kuli likodzo ndipo malo ena, makamaka cha kumtsinje wa Shire, kuli ng'ona. Za kusawotcha mapulasitiki pakati pa msika auzeninso atsogoleriwo, musadzaze nazo mawu anu.

Mawu enieniwo

Awa ndi amene ndinayankhula tsiku la nsungwi ija. Malo ndi zizindikiro musinthe zikhale zanu.

“A Gulupu ndi mafumu onse, a Khansala, a Shehe, Abusa, alangizi athu a zaumoyo, amayi, abambo ndi achinyamata, mwadzuka bwanji? Kumbuyoko sindinamve, mwadzuka bwanji?

“Dzulo madzulo ndinaima pakalavati apo, pafupi ndi ogulitsa tomato. Ndinalowetsa ndodo iyi m'ngalande. Onani pamene yalekezera kuda. Pansi pake sindinapafike. Ndi majumbo, mabotolo ndi matewera a ana, zatseka pakamwa pa kalavati. Mvula yoyamba ikagwa, madzi amenewo sadutsa. Abwerera mumsika, alowa pansi pa mabenchi a usipa, kenako atsikira kudoko kumene ana athu amasamba ndi kumene timatsuka mbale. Kolera ya 2022 tonse tikuikumbukira. Sindikufunika kukuuzani, maliro ake tinanyamula limodzi.

“Lero sitikusaka amene anataya. Ine ndemwe jumbo ndinatayapo. Lero tabwera kudzatsegula njira ya madzi, ndipo ikamakwana 9 koloko tikhala titamaliza. Ntchito yathu ikuyambira pakalavati, kuthera pamlambe wa kudoko. Kupitirira apo ndi mwezi wamawa.

“Tili magulu atatu. A mafosholo ndi mawilibala, tsatirani mchimwene wa chipewa chofiira uyo, ngalande ndi yanu. A matsache, tsatirani mayi akweza chitenje chobiriwira awo, mumsika ndi mwanu. Amene mwabwera chimanjamanja, mwachita bwino kubwera, matumba ndi awa, mupita kudoko ndi apampando a komiti ya kunyanja.

“Zinthu ziwiri zokha. Galasi, jakisoni ndi matewera musagwire ndi manja, itanani wa magolovesi. Ana m'ngalande ayi. Madzi akumwa ndi sopo zili pansi pa mtengo uno.

“Ikakwana 9 tikumananso pano, ndipo ndodo yomweyi ndiilowetsanso inu mukuona. Ndikufuna tiimve ikugunda simenti. Tiimva? Sindinamve. Tiimva?

“A Gulupu, tsache loyamba ndi lanu. Tiyeni!”

Mukawerenga mupeza kuti mawuwa sakufika 230. Ukawawerenga chamumtima amatha msanga, koma pabwalo, ndi kukweza ndodo, kudikira mchimwene wa chipewa kuti akweze dzanja, ndi kupuma kuja pambuyo pa mawu a maliro, amadzaza mphindi zitatu ndendende.

Onani kuti mulibe mwambi. Sindidana ndi miyambi, koma wa mutu umodzi susenza denga anthu aumva pamsonkhano uliwonse, ndipo ukangouyamba amaumaliza okha maganizo ali kwina. Ndodo yakuda ija inagwira ntchito ya mwambi. Onaninso kuti lonjezo loilowetsanso pa 9 koloko limapatsa anyamata a mafosholo chinthu chopikisana nacho. Tsiku limenelo iwo ndi amene anandiitana nthawi isanakwane kuti ndibwere ndi ndodo.

Yesererani mokweza, foni ili m'manja

Kuwerenga ndi maso sikuthandiza. Tulukani panja, tsegulani wotchi ya pafoni, muyankhule mokweza ngati mukuitana munthu ali kutsidya kwa msewu. Chitani katatu. Mukapitirira mphindi zitatu, musathamangitse mawu, dulani chiganizo, ndipo choyamba kudulidwa chikhale chimene chikukukomerani kwambiri inuyo, chifukwa kawirikawiri chimenecho ndi chodzionetsera. Pamene lilime lapunthwa kawiri, sinthani mawuwo. Ngati pali mwana wa sitandade 6 pakhomo, mufunseni mukamaliza kuti a matsache apita kuti ndipo timaliza nthawi yanji. Akalephera, vuto si mwanayo.

Pepala lonse musapite nalo. Munthu wowerenga amaweramitsa mutu, mawu n'kumapita pansi. Lembani mawu asanu pakapepala kokwana m'dzanja: ulemu, ndodo, malire, magulu, tiyeni. Chiganizo choyamba ndi chomaliza chokha ndi chimene muyenera kuloweza.

M'mawa wake

Fikani anthu asanafike. Zida zikhale zitayalidwa kale m'milu itatu, atsogoleri ali pambali pa milu yawo. Mukasiya zida mositolo, moto wonse umene mwayatsa udzazimira pamzere wodikira kiyi.

Imani pamalo okwera, pabenchi kapena pachitsa, ndipo muyang'ane kumene kuli dzuwa ndi mphepo. Dzuwa likhale m'maso mwa inu, osati mwa anthu. M'mbali mwa nyanja mphepo imaba mawu, choncho ikhale ikuchokera kumbuyo kwanu kupita kwa iwo. Ngati zonse ziwiri sizitheka, sankhani mphepo. Chimkuzamawu chiyeseni msanga, mabatire amakonda kufa pa chiganizo chachiwiri. Chikafa, musachimenyemenye, chiikeni pansi, uzani anthu asendere pafupi, mupitirize. Pemphaninso wa shopu yoyandikana atsitse wailesi kwa mphindi zitatu.

Musadikire kuti onse afike. Mukanena hafu pasiti sikisi, yambani pasanathe mphindi khumi, ngakhale mlendo wolemekezeka asanafike. Ochedwa akapeza anzawo akugwira ntchito amangotola tsache. Akapeza anzawo atakhala pansi, nawonso amakhala.

Ngati tsiku lanu ndi lija boma linakhazikitsa mu Novembala 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, kumbukirani kuti kuno Lachisanu masana anthu ambiri amakhala kumzikiti. Gwirizanani ndi a Shehe nthawi yoyambira, ndipo akalengeza okha pambuyo pa mapemphero mudzaona kusiyana. Kusesa kwa masana kumafuna mawu afupi kuposa apa, chifukwa anthu aima padzuwa.

Mukamayankhula, yang'anani matsache. Akakhala chilili, anthu ali nanu. Mukaona wina watsamira tsache lake, wina wakhala pawilibala, amayi ayamba kufunda zitenje kumutu, dziwani kuti mwatalikitsa. Lumphani zonse zotsala mupite pa magulu. Palibe amene adzadziwe kuti mwasiya ndime.

Ndipo mawu oti “tiyeni” akangotuluka, musaimenso pabenchipo kudikira m'manja, kapena kuyamba kugwirana chanza ndi alendo. Wina akakunong'onezani kuti a uje nawonso akufuna anenepo pang'ono, muyankheni kuti pa 9 koloko, pamthunzi. Perekani tsache kwa a Gulupu ndi manja awiri, tsikani, tengani fosholo yanu, mulunjike kukalavati osacheuka.